Musafufute nambala ya 148: zoyenera kuchita nambala imodzi ikapatuka pa zinzake

Ophunzira nonse a gulu la Lachinayi madzulo,

Ndamaliza kuwerenga malipoti anu a ntchito yoyeza naitireti, mchere wochokera ku zonyansa ndi feteleza, m'madzi akumwa. Tinatunga madzi malo 11 m'dera limodzi la kuno ku Harare, ndipo ineyo ndinalipo tsiku limenelo, mpaka nsapato zanga zinabwerako ndi matope. Koma m'malipoti awiri malo aja asanduka 10. Mu lipoti lina akadali 11, kungoti nambala 148 yasanduka 14.8. Nditafunsa, mmodzi wa inu anandiyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, inkaononga galafu." Sindikutchula dzina, pakuti iyeyu wangonena poyera zimene ambiri munaganiza mumtima.

Nambala zake ndi izi, mamiligalamu a naitireti pa lita imodzi ya madzi, zitandandalikidwa kuyambira yochepa:

```
8, 11, 12, 14, 15, 17, 18, 21, 23, 26, 148
```

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a naitireti pa lita. Ndiye onani zimene kufufutako kwachita. Lipoti la malo 10 likunena kuti madzi onse a m'dera lija ali pansi pa 50, osadandaula. Lipoti la malo 11 likunena kuti pali malo amodzi pamene anthu akumwa madzi opitirira muyeso pafupifupi katatu. Amenewa ndi mayankho awiri osiyana, ndipo amene wasankha yankho ndi chala chanu pa batani la Delete, osati madzi. Funso limene tinapitira kumeneko linali lakuti kodi pali madzi oipa. Nambala yokhayo imene inayankha kuti inde ndi imene mwaichotsa. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma inu mwam'bweza ali pakhomo.

Tsatirani ndondomeko ili m'munsiyi pokonzanso malipoti, ndipo muziitsatira nthawi iliyonse nambala ikakudabwitsani.

Choyamba, tsekani fayilo yoyambirira

Musanakhudze chilichonse, sungani fayilo ya nambala monga zinachokera ku labu, muipatse dzina lokhala ndi tsiku, ndipo musalembemonso kanthu. Gwirirani ntchito pa kope. Jambulaninso ndi foni masamba a kabuku ka kumunda ndi ka mu labu. Zikuoneka zazing'ono, koma gulu limene linalemba 14.8 linalemba pamwamba pa 148 m'fayilo yawo yokhayo, moti pakanapanda kabuku sitikanadziwa kuti panali nambala ina.

Chachiwiri, yezani kuti yapatuka motani, koma musayese kuti masamu akuweruzirani mlandu

Ikani nambala zija mu Excel kuyambira B2 mpaka B12, kenako lembani izi:

```
=AVERAGE(B2:B12)
=MEDIAN(B2:B12)
=STDEV.S(B2:B12)
```

Avareji ituluka 28.5. Mediyani, imene ndi nambala yokhala pakati mukazindandalika, ituluka 17. Muyeso wa kumwazikana kwa nambala utuluka 40.0. Mukachotsa 148, avareji itsika kufika 16.5, mediyani ingosuntha pang'ono kufika 16, koma kumwazikana kugwa kuchoka pa 40.0 kufika pa 5.6. Kugwa kumeneku ndiye chinyengo chachikulu. Wowerenga akaona 5.6 amakhulupirira kuti madzi a m'dera lija ndi ofanana paliponse, kuti akatunga pa malo ena a nambala 12 apezanso cha m'ma 16 momwemo. Mwam'patsa chitsimikizo chimene inuyo mulibe.

Kuti muone ngati nambala yapatukadi, gwiritsani ntchito mpanda umene John Tukey anafotokoza mu 1977. Pezani nambala imene ili pa kota yoyamba ya mndandanda ndi imene ili pa kota yachitatu:

```
=QUARTILE.INC(B2:B12,1)
=QUARTILE.INC(B2:B12,3)
```

Mupeza 13 ndi 22. Kusiyana kwake ndi 9. Chulukitsani 9 ndi 1.5, mupeza 13.5, ndipo mukaphatikiza pa 22 mpanda wa kumtunda uli pa 35.5. Nambala ya 148 ili kutali kunja kwa mpanda. Chabwino. Koma mpandawu ntchito yake ndi yokulozerani nambala yoti mukaifufuze, monga mlonda amene waimitsa munthu pageti kuti amufunse. Sunanene kuti nambalayo ndi yabodza. Kufufuza ndi kufufuta ndi mawu oyandikana pakamwa, ndipo ndikuona kuti ena mwawasokoneza.

Ena a inu munalemba kuti munatsata lamulo lochotsa nambala imene yatalikira avareji kupitirira katatu muyeso wa kumwazikana. Kodi munawerengeradi? Chotsani 28.5 pa 148, mugawe ndi 40.0. Yankho ndi 2.99, losafika pa 3. Choncho ngakhale lamulo limene mwabisalamolo silikukulolani kuichotsa. Chifukwa chake n'chakuti nambala yaikuluyo imakoka avareji kuti iyandikire kwa iyo, n'kufufumitsanso kumwazikana kumene mukuiyezera. Ikudzibisa yokha. Pa nambala zochepa vutoli ndi lalikulu, pakuti pali malire amene yankho lija silingadutse ngakhale nambalayo ikule bwanji:

```
(n - 1) / SQRT(n)
```

Apa n ndi kuchuluka kwa nambala zimene muli nazo. Pa nambala 11 malirewa ndi 3.02. Pa nambala 10 ndi 2.85, kutanthauza kuti ngakhale wina atalemba 5,000 m'malo mwa 50, lamulo la katatu lija silingamugwire. Pa ntchito zazing'ono ngati zathuzi, lisiyeni.

Chachitatu, bwererani m'mbuyo potsata mapazi a nambalayo

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikufuna muchedwepo. Nambala iliyonse inayenda ulendo: kuchoka pa chitsime kulowa m'botolo, kuchoka m'botolo kulowa m'makina, kuchoka pa makina kulowa m'kabuku, kuchoka m'kabuku kulowa m'kompyuta. Yambani ku mapeto, mubwerere sitepe imodzi imodzi, ndipo pa sitepe iliyonse funsani ngati pali umboni wolembedwa wakuti china chinalakwika.

Kuchoka m'kabuku kulowa m'kompyuta. Kodi ndi 14.8 imene kadontho kake kanasowa? Ganizoli si lopusa, zimachitika kawirikawiri. Koma yankho lili m'kabuku, osati m'mutu mwanu. Ndinatsegula kabuku ka mu labu. Palembedwa kuti poyeza koyamba makina anasonyeza kuti madziwo apitirira pamene iwo amafika. Ndiye amene ankayeza anatenga mamililita 10 a madziwo n'kuthiramo mamililita 40 a madzi oyera a mu labu, anayezanso n'kupeza 29.6. Popeza anasungunula kasanu, 29.6 kuchulukitsa ndi 5 ndi 148. Kadontho sikanasowe. Makina sakanadandaula ndi madzi a 14.8, pamene a 26 anawayeza bwinobwino.

Taonani chinthu china pamenepa. Mnzanuyo akanaiwala kuchulukitsa ndi 5, akanalemba 29.6, nambala yofatsa yokhala mkati mwa mpanda, ndipo palibe mmodzi wa inu akanaikayikira. Nambala yolakwika ikanadutsa, pamene yolondola ndi imene mwaithamangitsa. N'chifukwa chake mukatsegula kabuku muyenera kuona mizere yonse 11, osati wokhawo umene wakukwiyitsani. Munthu amene amafufuza nambala zokhazo zimene sakuzifuna, n'kumakhulupirira zonse zimene zikumukomera, amapendeketsa zotsatira zake ngakhale asanafufute kalikonse.

Muonenso mlingo umene makina anatcheredwa. Makina ambiri amatha kuonetsa naitireti yense, kapena naitirojeni yekha wa mu naitiretiyo, ndipo pa sikirini pamalembedwa `NO3` kapena `NO3-N`. Kusiyana kwake ndi kuchulukitsa ndi 4.43, moti muyeso wa 50 uja umakhala pafupifupi 11 pa mlingo winawo. Wina akasintha batani pakati pa ntchito, nambala zimadumpha popanda madzi kusintha. Kabuku kathu kakusonyeza `NO3` tsiku lonse.

Kenako makina enieniwo. Tsiku lija tinayeza madzi oyera opanda kanthu, ndiponso madzi amene tikudziwa kale mlingo wake wa naitireti, poyamba ndi pomaliza ntchito. Onse anatuluka monga timayembekezera. Botolo limene linayezedwa pambuyo pa la 148 linatuluka 14, ndiye kuti kachubu koyezera sikanali kakuda. Mabotolo onse anayenda m'bokosi limodzi la ayezi, anayezedwa tsiku lomwelo, ndipo chizindikiro cha pa botolo chikugwirizana ndi cha m'kabuku ka kumunda.

Pomaliza, malo enieniwo. Kabuku ka kumunda kakuti si mjigo, umene anzathu kuno amautcha chibhorani, koma chitsime chokumba pamanja, chosazama, chopanda chivundikiro cha simenti, ndipo chimbudzi chokumba chili masitepe ochepa chakumtunda kwake. Naitireti amachokera ku zonyansa za anthu ndi ziweto komanso ku feteleza, ndipo amayenda mosavuta ndi madzi a pansi pa nthaka. Chitsime chotere kukhala ndi 148 sichodabwitsa. Ndipotu nambala za kuipa kwa madzi zimakonda kukhala chonchi: zambiri zimaunjikana pansi, imodzi kapena ziwiri zili kutali kumtunda. Kupendekeka kumeneko ndi khalidwe la chinthu chimene tikuyezacho, si matenda a deta.

Chachinayi, ngati n'kotheka yezaninso

Madzi a chitsime sanathawe. Awiri a inu anakwera kombi sabata yathayi n'kukatunganso, ndipo tinapeza 139. Nambala sizifanana ndendende pakadutsa masiku, koma 139 ndi m'bale wake wa 148, si wa 14.8. Mu tebulo lanu musiye 148, pakuti ndi imene inapezeka tsiku limene malo onse anayezedwa, ndipo 139 muitchule m'mawu ngati yotsimikizira. Chimene sindilola n'choti muziyeza mobwerezabwereza mpaka mutapeza nambala yokukomerani, n'kulemba yomweyo.

Chachisanu, gamulani potengera zimene mwapeza

Mukamaliza kufufuza mumathera pa imodzi mwa njira zingapo, ndipo si zonse zimene zimaletsa kuchotsa nambala. Ngati mwapeza cholakwa ndipo nambala yolondola ilipo, mwachitsanzo kabuku kakuti 14.8 koma m'kompyuta muli 148, konzani ndipo mulembe kuti mwakonza, tsiku liti, potengera tsamba liti. Ngati mwapeza cholakwa koma nambala yolondola palibe, monga botolo linasweka chivindikiro panjira kapena madzi oyesera makina aja anatuluka molakwika, mukhoza kuiika pambali, bola chifukwa chake chilembedwe m'lipoti. Nambala yosatheka, monga naitireti wa -6, imalowanso pamenepa.

Ngati simunapeze cholakwa chilichonse, nambalayo imakhala. Imakhala ngakhale simukumvetsa chifukwa chake yakula chonchi. Kulephera kwanu kuifotokoza si umboni wakuti ndi yabodza.

Pali njira ina imene ndiyenera kuchedwapo chifukwa gulu lina laigwiritsa ntchito mochenjera. Iwo alemba kuti anachotsa 148 chifukwa kafukufuku wawo ndi wa mijigo, ndipo ichi ndi chitsime. Mfundoyo payokha ndi yomveka. Chinthu chimene sichili m'gulu limene mukufufuza chikhoza kuchotsedwa. Koma pa malo 11 aja, zitsime zokumba pamanja zinalipo zitatu: cha 12, cha 23 ndi cha 148. Inu mwachotsa chimodzi n'kusiya ziwiri. Ngati lamulo ndi la mijigo yokha, zichoke zonse zitatu, mutsale ndi malo 8 a avareji 16.3, ndipo mutu wa lipoti unene kuti ndi mijigo yokha. Komanso pepala la dongosolo limene munandipatsa tisanapite kumunda likuti "malo amene anthu amatungapo madzi akumwa". Lamulo la mijigo yokha labadwa mutaona kale 148. Njira yodziyesera ndi iyi: dzifunseni ngati mukanachotsa chitsime chimenechi chikanatuluka 15. Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti simukuchotsa chitsime, mukuchotsa nambala.

Chachisanu ndi chimodzi, werengerani nambalayo ilipo, ndiponso palibe, muonetse zonse

Kusunga 148 sikutanthauza kuti mulembe avareji ya 28.5 n'kukhala chete. Avareji imeneyo siikuimira malo alionse: malo 10 ali pansi pake, amodzi ali kutali pamwamba pake. Ngati mukufuna kunena mmene madzi a malo ambiri alili, gwiritsani ntchito mediyani, pakuti 17 sagwedezeka ndi nambala imodzi. Ndipo ngati funso ndi la chitetezo cha anthu, nenani kuti malo angati apitirira 50.

Kuti muwerengere mbali zonse popanda kufufuta mzere, onjezani kolamu C. Lembani 1 pa mzere uliwonse, 0 pa mzere wa 148, ndipo mu kolamu D mulembe chifukwa. Kenako:

```
=AVERAGEIF(C2:C12,1,B2:B12)
```

Izi zikupatsani 16.5 mzere uja ukadali poonekera. Ubwino wowerengera kawiri ndi wakuti mumadziwa ngati mfundo yanu yatsamira pa nambala imodzi. Zotsatira zikafanana mbali zonse, wowerenga mtima umakhala m'malo. Zikasiyana ngati zathuzi, kusiyanako ndiye nkhani yofunika kuinena.

M'lipoti mukhoza kulemba chonchi: "Tinayeza malo 11. Mediyani inali mamiligalamu 17 pa lita. Malo 10 anali pakati pa 8 ndi 26. Chitsime chimodzi chosazama, choyandikana ndi chimbudzi chokumba, chinali ndi 148, ndipo titayezanso tinapeza 139. Sitinapeze cholakwa pa kayezedwe. Avareji ndi 28.5 chitsimechi chilipo, 16.5 palibe." Mizere yochepa chabe, ndipo palibe chimene chabisika. Pa galafu, jambulani kadontho pa malo alionse ndi mzere wopingasa pa 50. Madontho 10 aunjikana pansi, limodzi lili lokha pamwamba pa mzere. Mnzanu uja anati zikuononga galafu, koma ine ndikuti galafu yotereyi ndi imene munthu wa zaumoyo angaimvetse asanawerenge n'komwe mawu.

Tisanasiye, nkhani imodzi ya akatswiri kuti musaganize kuti ndi inu nokha amene mumakayikira nambala zachilendo. Mu 1985, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin a bungwe la British Antarctic Survey anafalitsa zimene anayeza pa siteshoni ya Halley, zosonyeza kuti mpweya wa ozoni pamwamba pa Antarctica ukuchepa kwambiri nyengo yozizira ya kumeneko ikamatha. Setilaiti ya NASA yotchedwa Nimbus 7 inali ikuyezanso ozoni kuyambira 1978, koma pulogalamu ya kompyuta inkaika chizindikiro chokayikira pa nambala zotsika kwambiri, poti palibe amene ankayembekezera kuti ozoni angatsike chotero. Chimene chinathandiza n'chakuti nambalazo zinangoikidwa chizindikiro, sizinatayidwe. Atazionanso bwino, zinatsimikiza kuti kuchepako ndi kwenikweni, ndipo zinaonetsa kukula kwa dera lake. Kolamu C ndi D zimene ndakuuzani zija ntchito yake ndi yomweyo.

Tsopano za chitsime chija. Pakhomopo tinaona matewera pa chingwe. Naitireti wochuluka ndi woopsa makamaka kwa makanda amene amamwa mkaka wosungunula ndi madzi, chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula bwino mpweya, mpaka khungu la mwana limasintha mtundu. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa, kumangomuunjika chifukwa madzi ena amauluka ngati nthunzi, ndipo mankhwala a kolorini samuchotsanso. Kuonjezera apo, ngati naitireti wa m'chimbudzi akufika m'chitsime, tizilombo tikhozanso kufika. Nonse mukukumbukira kolera wa mu 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro. Ndalankhula kale ndi eni pakhomopo komanso a zaumoyo a m'deralo, ndipo Lachiwiri tikatenganso madzi oti akayezedwe tizilombo. Ndikufuna anthu awiri oti tipitire limodzi, makamaka ochokera m'magulu amene anafufuta.

Malipoti okonzedwa afike Lachinayi likubwerali tisanayambe phunziro. Muphatikizepo fayilo yoyambirira, fayilo yokhala ndi kolamu C ndi D, ndi zithunzi za masamba a makabuku onse awiri. Ulendo uno sindichotsa malikisi chifukwa cha kufufuta kuja. Kuyambira ntchito yotsatira, pepala la dongosolo lizinena, tisanatunge botolo loyamba, zifukwa zimene sampulo ingaikidwire pambali, ndipo ndizisainira ineyo tisananyamuke.

Ndine mphunzitsi wanu.